Kalata Yodzera kwa Ine

Ndinagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay zaka zambiri, ndipo zaka zomalizazo ndinali mkulu wa osamalira zipinda. Yathu inali ntchito yoyala mabedi, kukolopa, kuchapa ndi kusita. Mlendo akapeza tsitsi m'bafa, woitanidwa ku ofesi ndinali ine. Akapeza zonse zili bwino, palibe amene ankaitanidwa.

Pa anthu asanu ndi anayi amene ndinkawayang'anira panali mtsikana mmodzi amene ndinkamudalira kuposa onse. Ndikuti mtsikana chifukwa ndinamudziwa ali wamng'ono, koma anali mayi wa mwana mmodzi. Kwawo kunali kumudzi wa asodzi kuseri kwa mpanda wa loji yathu, banja la Chisilamu. Bambo ake ankapita panyanja, amayi ake ankayanika usipa pa mathandala. Anabwera kwa ife ngati waganyu nyengo ya Khirisimasi, ndipo ganyu itatha ndine ndinakamunenerera kwa amanijala kuti alembedwe ntchito. Ankanditchula kuti Amayi, ndipo sikunali kungolemekeza chabe.

Anali ndi setifiketi ya Fomu 4, pomwe ine ndinalekezera Fomu 2. Tsiku lake lopuma ankakwera minibasi kupita ku Salima kukaphunzira kompyuta. Pang'ono ndi pang'ono ndinamusiyira zambiri. M'mawa ndiye ankakatenga ku risepushoni mndandanda wa zipinda zotuluka alendo ndi zolowa alendo, n'kugawira anzake. Ndiye ankadziwa kuti shawa ya chipinda chakuti imadontha, ndi kuti bedi la chipinda chakuti silifuna munthu wamtali. Maondo anga anali atayamba kale kuvuta, choncho nyumba yosanja ya kumtunda ndinkaiyendera ndi miyendo yake.

Tsiku lina kunabwera basi ya anthu a wekishopu kuchokera ku Lilongwe. Mayi wolandira alendo anali atadwala malungo m'mawa womwewo, ndipo amanijala anali ku tauni. Alendo anadzaza pakhonde ndi zikwama zawo, ena atayamba kale kukalipa. Mtsikanayo anavula epuloni, n'kukaima kuseri kwa kauntala, n'kutsegula kompyuta. Anawagawa m'zipinda onse, mayi wina woyenda ndi ndodo n'kumupatsa chipinda cha pansi choyandikira holo. Amanijala pofika anapeza alendo akumwa tiyi. Anamuyamikira pamaso pathu, ndipo ine ndinasekerera ngati mwanayo ndinabala ndine.

Patapita miyezi ingapo, pa bolodi la pafupi ndi kodyera antchito panamatidwa chidziwitso. Ku dipatimenti yosungitsa malo ndi kukonza misonkhano kunkafunika munthu mmodzi, ndipo mwayi woyamba unali wa ife a m'kati. Ankafuna wa Fomu 4, wodziwa kompyuta, amene wagwira ntchito pa lojipo zaka ziwiri kapena kuposerapo. Wofuna alembe kalata kwa bwana woona za antchito, koma idzere kwa mkulu wa dipatimenti yake kuti aikepo ndemanga ndi kusaina. Tsiku lotseka linali Lachisanu.

Aliyense ankadziwa kuti kumeneko n'kokwerera. Anthu a ku dipatimenti imeneyo ankatumizidwa ku maphunziro, ankadziwana ndi mabungwe obweretsa misonkhano, ndipo wachiwiri kwa amanijala anachokera komweko. Kwathu ku zipinda mpando wapamwamba unali umodzi wokha, ndipo ndinali nditaukhalira ine.

Lolemba masana mtsikanayo anandipeza m'sitolo ya nsalu ndikusanja matawulo. Anatseka chitseko, n'kutulutsa envelopu m'thumba la yunifolomu.

"Amayi, ndalemba. Mundionereko kaye ngati ili bwino, kenako musaine."

Ndinavala magalasi. Kalatayo inali ya Chingerezi, yotayipa, ya tsamba limodzi. Pamwamba panali dzina la udindo wa bwana woona za antchito, m'munsi mwake mawu akuti kudzera kwa mkulu wa osamalira zipinda, kenako mutu wonena malo amene ankawafuna. Ndime yoyamba inanena kuti iye ndani pa lojipo, ndi kuti wagwira zaka zinayi. Yachiwiri inafotokoza za tsiku la basi lija, za mndandanda wa m'mawa, za kompyuta, ndi kuti amayankhula Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi. Yachitatu inati munthu wodziwa chipinda chilichonse sangalonjeze mlendo chimene kulibe, ndipo n'chifukwa chake akukhulupirira kuti angathandize kumeneko. Anati akufuna kuphunzira zambiri ndi kukula pa loji yomweyi, osati kwina. Sananyoze dipatimenti yathu ngakhale pang'ono. Analemba kuti zimene akudziwa anaziphunzira kwa ine, ndipo akasankhidwa adzaphunzitsa womulowa m'malo asanachoke.

Ndinaiwerenga kawiri. Ndisananame, ndinadziwiratu kuti kalatayi ikafika ku ofesi mmene inalilimo, malowo ndi ake.

M'mutu mwanga munayamba kuyenda zina. Nyengo ya misonkhano inali pafupi. Mayi mmodzi wa m'gulu langa anali ndi pakati potopa, wina anali atangosiya ntchito, ndipo mabwana athu munthu akachoka ankatenga miyezi asanalembe wina. Ndinaganiza za masitepe a nyumba yosanja. Izi ndi zifukwa zimene ndinkadziuza masiku amenewo. Panali china chimene sindinkafuna kuchiyang'ana. Ndinamuona m'maganizo atavala jekete, atanyamula foni ya ku ofesi, akundiimbira kuti chipinda chakuti chikonzedwe msanga.

"Chingerezi chako chili bwino," ndinatero. "Koma mwanawe, kalatayi ikudzitama."

Nkhope yake inagwa. "Ikudzitama bwanji, Amayi?"

"Taona apa. Ine ndinachita chakuti, ine ndimadziwa chakuti. Mabwana sakonda zimenezi. Adzati mwana uyu asanakhale n'komwe pampando wayamba kale matama. Za basi zija akuzidziwa kale, ukuwakumbutsiranji? Komanso mayi amene anadwala uja akamva, adzati ukufuna kukwera pamsana pa matenda ake."

Mawu omalizawa ndi amene anamugwira. Anali munthu wosafuna kukhumudwitsa mnzake.

"Aphunzitsi athu a kompyuta anati tizilemba zimene tinachita," anatero motsitsa mawu.

"Aphunzitsi akowo anagwirapo ntchito pano? Ine mabwanawa ndawaona akubwera, ndawaona akupita. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wopempha amadzichepetsa."

Mwambiwo sunkagwirizana n'komwe ndi nkhaniyo, koma ndinaunena ndi mawu a munthu wamkulu, ndipo iye anagwedeza mutu. Ndinatenga cholembera, n'kukhwatcha ndime yachiwiri yonse. Yachitatu ndinaisiyira mzere umodzi. Kenako ndinamuuza zoti alembe: kuti akupempha modzichepetsa kuti amuganizire, kuti ali ndi mwana ndi makolo owasamalira, kuti ntchito ya m'zipinda ndi yolemetsa, ndi kuti adzathokoza kwambiri akamuchitira chifundo. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Ndinali nditamvapo bwana woona za antchito akudandaula kuti anthu amalemba mavuto awo m'malo molemba ntchito yawo, ngati kuti loji ndi bungwe lothandiza ovutika. Ndipo mawu akuti ntchito ndi yolemetsa ankamuonetsa ngati munthu wongofuna kuthawa tsache.

Lachitatu anabwera nayo yotayipanso. Inali yaifupi, yofooka, ngati ya munthu wina. Pansi panali malo a ndemanga yanga. Ndikanalemba kuti ndi wantchito wabwino kuposa onse amene ndagwirapo nawo, ndipo zikanakhala zoona. Ndinangolemba liwu limodzi losonyeza kuti ndaiona ndipo ndaipititsa, n'kusaina, n'kuika tsiku. Ndinamata envelopu ndekha, n'kukaisiya ku ofesi.

"Zikomo, Amayi. Insha Allah zitheka," anatero nditabwerako.

"Mulungu ndiye amadziwa," ndinayankha.

Loweruka amayi ake anandidikirira pageti. Anali atasenza kabeseni ka usipa wofutsa, wosankha bwino, atavundikira ndi nsalu. Ndinayesa kukana, koma anandigwira dzanja.

"Landirani, achemwali. Mwanayu amatiuza zonse. Akuti mwakhala naye pansi, mwamukonzera kalata ngati mwana wanu. Ife sukulu sitinapite, tikanamuthandiza chiyani? Mulungu akupatseni moyo wautali."

Ndinakwera kabaza kabeseni kali pamiyendo. Kunyumba ana anadya usipawo sabata yonse akuyamikira. Ine sindinaulawe, ndinkanamizira kuti m'mimba simuli bwino.

Mayina a oitanidwa ku intaviyu atatuluka, lake panalibe. Anaitana anthu atatu, ndipo malowo anapita kwa bambo wina woperekera zakudya m'lesitilanti, munthu wabwinobwino amene sindingamunenere choipa. Mtsikanayo anawerenga pa bolodi, n'kubwerera kukamaliza zipinda zake. Masana ndinamupeza m'sitolo muja atayala kampasa kake akuswali, monga ankachitira masiku onse. Ndinaima panja mpaka anamaliza. Potuluka maso ake anali ofiira.

"Sinali rizki yanga, Amayi, Mulungu sanandilembere," anatero. "Mwina Chingerezi changa n'chochepa."

Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti mwayi wina udzabwera. Dzanja langa lomwelo limene linakhwatcha kalata yake.

Nyengo ya misonkhano inafika, ndipo inayenda bwino monga ndinkafunira. Nyumba yosanja inkawala. Palibe tsiku limene ndinaitanidwa ku ofesi. Koma mtsikanayo anasiya kupita ku Salima. Nditamufunsa anati za kompyuta zikungomudyera tsiku lopuma, kuli bwino azithandiza amayi ake ku mathandala. Ankagwirabe ntchito mosalakwitsa, koma zoyankhulayankhula za m'mawa zija, zoti bwanji tiyambe ndi zipinda za uku chifukwa alendo ake afika msanga, zinatha. Ankangodikira kuti ndimuuze.

Tsiku lina ndinapita kwa bwana woona za antchito ndi mapepala a tchuthi cha mayi woyembekezera uja. Atasaina anavula magalasi, n'kundiyang'ana.

"Mayi, pali chinthu chimene chimandidabwitsabe. Mtsikana wanu uja. Amanijala anachita kunena kuti dzina lake akuliyembekezera. Koma kalata imene analemba, ayi ndithu. Munalibe chilichonse chokhudza ntchito, madandaulo okhaokha. Ntchito imene ija ndi yolemba makalata kwa makasitomala tsiku ndi tsiku, ndiye tikanamuika bwanji pa mndandanda? Komanso inu simunaikepo ndemanga. Tinaganiza kuti mwina pali china chimene mukuchidziwa, simunafune kumuipitsira."

"Ayi, palibe," ndinatero. "Ndinali wotanganidwa chabe."

Ndinatenga mapepala aja n'kutuluka. Ndiye kuti kukhala chete kwanga anakuwerenga ngati chenjezo. Komabe sindinanene kanthu kwa wina aliyense. Ndinapitiriza kupita kutchalitchi, kuimba nawo, kubwerera kuntchito Lolemba.

Chimene chinandithyola chinali chaching'ono. Ku khitchini kunapezeka malo a wothandiza kuphika makeke, ndipo mayi wina wa kochapira anawafuna. M'mawa wina ndinamva mtsikanayo akumuuza pakhonde la sitolo, osadziwa kuti ndili m'kati.

"Musalembe zodzitama. Pitani kwa Amayi akakuthandizeni, iwo ndi amene amadziwa zimene mabwana amafuna. Ine yanga yoyamba inali yoipa kwambiri, bwenzi nditachita manyazi."

Ndinakhala pa mtolo wa mashiti osachapa. Bodza langa linali litasanduka phunziro, ndipo iye ankaligawira ena ndi mtima woyera.

Masana a tsiku lomwelo tinali awiri, ine ndi mtsikanayo, m'chipinda china cha kumtunda, tikuyala bedi. Ndinali nditakwera masitepe dala. Kunja kunkaomba mwera, mawindo akugwedera. Iye anagwira shiti mbali ina, ine mbali ina.

"Mwanawe, ndili ndi mawu."

"Ndikumva, Amayi."

"Kalata yako yoyamba ija inali yabwino. Inalibe cholakwika chilichonse. Ndinakunamiza."

Anandiyang'ana ngati sanamve Chichewacho.

"Ndinadziwa kuti ikapita akutenga, ndipo sindinafune kuti uchoke. Ndinakulembetsa kalata yoti ikugwetse. Pa ndemanga sindinalembepo kanthu, ndipo ku ofesi anaganiza kuti uli ndi vuto limene ndikubisa. Amanijala ankafuna iweyo."

Sanasiye shitiyo. Anaikoka, n'kuipinda pakona monga ndinamuphunzitsira, n'kusalaza ndi chikhatho. Anatenga pilo, n'kuyamba kuiveka.

"Ndiye Chingerezi changa chinalibe vuto?" anafunsa.

"Chinalibe."

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikuganiza kuti ndine mbuli. Ndinkachita manyazi kudutsa pa risepushoni." Anaika piloyo pamalo pake. "Mukanangondiuza kuti mukundifunabe chaka chino, Amayi, mukuganiza kuti ndikanakana? Inu?"

Ndinati andikhululukire. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Anangoti, "Amayi anga musawauze. Amakupemphererani." Kenako anatenga ndowa yake n'kupita chipinda chotsatira.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya antchito n'kufotokoza zonse. Bwanayo anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapuma mozama.

"Mwachita bwino kunena, Mayi, koma malo aja ali ndi mwini wake tsopano, ndipo iye sanalakwe kanthu. Sindingamuchotse. Izi ndiyenera kuwauza amanijala."

Anawauzadi. Ndinalandira kalata yondichenjeza, yoyamba pa zaka zanga zonse pa lojipo. Anasinthanso lamulo: wofuna kusamukira ku dipatimenti ina azipereka kalata yake yekha ku ofesi, ndipo ofesiyo ndi imene izifunsa ndemanga kwa mkulu wake. Anzanga ena oyang'anira madipatimenti anadandaula kuti awalanda ulemu. Sankadziwa kuti chinayambitsa ndani. Ndinalemba ndemanga yoona ya mtsikanayo, masamba awiri, n'kupempha kuti iikidwe m'failo yake. Amanijala analola kuti masiku awiri pa sabata azikathandiza ku misonkhano kuti aphunzire, ngakhale kuti udindo ndi malipiro zinali zomwe zija.

Mtsikanayo anavomera. Masiku awiriwo nyumba yosanja ndinkaikwera ndekha, kupuma pa sitepe iliyonse yachisanu. Mayi wa kochapira uja ndinamuthandiza kulemba kalata yonena zimene amadziwa, ndipo mtsikanayo anaiwerenganso asanaipereke, osati chifukwa ndinamupempha.

Pakati pa iye ndi ine panalibe mkangano. Ankandipatsa moni, ankachita zonse zimene ndamuuza. Koma anasiya kunditchula kuti Amayi. Ndinakhala a supavaiza, monga ankanenera ena onse. Ndinkati mwina zidzatha zokha. Pa Idi sanandibweretsere mpunga monga ankachitira chaka ndi chaka, ndipo sindinadabwe.

Malo ena ku dipatimenti ija sanatseguke chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Misonkhano inachepa, ndipo mabwana anaimitsa kulemba anthu. Iye anadikira mpaka anatopa. Tsiku lina anandipatsa pepala losiya ntchito. Anali atapeza malo olandira alendo pa kanyumba kena ka alendo ku Nkhotakota, kakang'ono kuposa loji yathu, kopanda holo ya misonkhano. Mwana anamusiya kwa amayi ake.

"Kumeneko kuli kokwerera?" ndinamufunsa.

"Sindikudziwa, a supavaiza. Koma n'kukauntala."

Tsiku lake lomaliza anandipatsa makiyi ndi kabuku kamene analembamo zovuta za chipinda chilichonse, kuti womulowa m'malo asavutike. Ndinkafuna kumuperekeza mpaka pamsewu, koma anati mlongo wake akumudikira ndi njinga.

Ine ndinapuma pa ntchito zaka ziwiri pambuyo pake, maondo atakaniratu. Ndimakhala ku Salima kuno kwa mwana wanga wamkazi. Bambo woperekera zakudya uja anatumizidwa ku maphunziro kawiri, ndipo pano ndi wachiwiri kwa amanijala. Za mtsikanayo ndimamva kwa anthu obwera kumsika. Akuti akadali pa kauntala yomweyo, eni ake amamukonda, ndipo mwana anamutenga akuphunzira konko. Nambala yake ndili nayo. Chaka chatha bambo ake atamwalira ndinamutumizira uthenga wopepesa. Anayankha tsiku lachitatu, kuti zikomo, maliro tinaika bwino. Sindinalembenso, ndipo iye sanalembenso.